Zilembo Zikachepetsa Kapena Kukulitsa pa Kompyuta ya Kutali

Anthu ambiri masiku ano amagwira ntchito pa kompyuta imene sali nayo pafupi. Wowerengera ndalama amakhala kunyumba ndi laputopu yake, koma pulogalamu ya maakaunti ili pa kompyuta ya ku ofesi. Amalowamo kudzera pa intaneti, sikirini ya ku ofesi ija n'kuonekera pa laputopu, iye n'kumalemba ngati wakhala pampando wake wa masiku onse. Pa Windows, pulogalamu yodziwika yochitira zimenezi ndi Remote Desktop Connection.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti zinthu sizioneka pa msinkhu wake. Wina amapeza timalemba tating'onoting'ono toti awerenge mpaka atayandikitsa nkhope pa galasi. Wina amapeza zilembo zikuluzikulu, moti batani la OK limakabisala kunsi kwa sikirini kumene mausi sangafikeko. Winanso amapeza kuti msinkhu uli bwino koma zilembo zachita mbuu. Mavuto atatuwa amachokera pa chinthu chimodzi, ndipo munthu akachimvetsa amasiya kungodinadina mwamwayi. Funso lofunika ndi ili: kodi chithunzi chimene mukuonacho chajambulidwa pa msinkhu woyenera sikirini yanu, kapena chajambulidwa pa msinkhu wina kenako n'kukokedwa?

Timadontho ta pa sikirini sitilingana

Chilichonse chooneka pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho towala totchedwa mapikiselo. Mukamva kuti sikirini ndi ya 1920 x 1080, ndiye kuti ili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 chotsika. Chiwerengero chimenechi ndicho amati rezolushoni. Koma rezolushoni siikuuzani kukula kwa kadontho kalikonse. Taganizirani anthu awiri oluka mikanda amene atsatira ndondomeko imodzi ya maluwa, wina ndi mikanda ikuluikulu, wina ndi timikanda tating'ono. Chiwerengero cha mikanda n'chofanana, duwa n'lomwelo, koma la wachiwiriyo lituluka laling'ono.

Tiyeni tione ndi manambala. Sikirini ya pa desiki ya mainchi 24 yokhala ndi 1920 x 1080 imakhala ndi timadontho pafupifupi 92 pa inchi iliyonse. Laputopu yatsopano ya mainchi 14 yokhala ndi 2880 x 1800 imakhala ndi timadontho pafupifupi 243 pa inchi. Batani lotambalala timadontho 96 limakhala la mamilimita pafupifupi 27 pa sikirini ya pa desiki ija, koma pa laputopu limangokhala la mamilimita 10. Palibe chimene chawonongeka. Timadontho ta laputopuyo tangothithikana kwambiri.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, Windows ili ndi mlingo wokulitsira, umene mumaupeza mu Settings, pa System, kenako Display, pamene palembedwa Scale. Mlingo wa 100% umatanthauza kuti Windows ikujambula zinthu poganiza kuti inchi ili ndi timadontho 96. Pa 150% imawerengera 144, ndipo pa 200% imawerengera 192. Laputopu ya mtundu umene tatchulawu nthawi zambiri imakhala pa 200%, choncho batani lija imalijambula ndi timadontho 192 m'malo mwa 96, n'kukhala la mamilimita 20. Chofunika kudziwa n'chakuti apa Windows siikoka chithunzi. Imajambula chilembo chilichonse mwatsopano ndi timadontho tambiri, ndiye chifukwa chake zilembo zimakula koma n'kukhalabe zakuthwa.

Zimene makompyuta awiriwa amauzana

Remote Desktop siijambula sikirini imene ili pa desiki ya ku ofesi n'kukutumizirani. Mukalowa, kompyuta ya kutaliyo imakukonzerani sikirini ina yongoyerekeza, yopanda galasi, ndipo msinkhu wake imaufunsa kwa kompyuta imene ili m'manja mwanu. Laputopu yanu ikati ikufuna 2880 x 1800, imapatsidwa zomwezo, ngakhale kuti sikirini ya ku ofesi ndi ya 1920 x 1080.

Kwa zaka zambiri makompyutawa ankangouzana rezolushoni yokha. Zinthu zinasintha mu 2013, pamene kampani ya Microsoft inatulutsa Windows 8.1 ndi Windows Server 2012 R2. Kuyambira pamenepo kompyuta yanu imatumizanso mlingo wokulitsira, ndipo ya kutaliyo imautsatira. Ngati mbali zonse ziwiri zili ndi Windows 10 kapena 11, laputopu ya 200% imalandira chithunzi chojambulidwa pa 200%, ndipo zonse zimaoneka bwino popanda inu kukhudza kanthu. Koma ngati ya kutaliyo ili ndi Windows 7 kapena Windows Server 2008 R2, imamva za rezolushoni zokha. Imajambula zinthu pa mlingo wake wakale, kawirikawiri 100%, pa timadontho tothithikana ta laputopu yanu. Apa ndi pamene pamachokera timalemba tosawerengeka.

Izi zikufotokozanso chinthu chimene chimakhumudwitsa anthu ambiri. Munthu amatsegula Settings pa kompyuta ya kutali kuti asinthe Scale, n'kupeza kuti malowo ndi otsekedwa ndipo pali uthenga wonena kuti zimenezi sizingasinthidwe ndi munthu amene walowa ali kutali. Si kuti a ku ofesi akumanani chilolezo. Ulamuliro wa msinkhu uli pa kompyuta imene mwakhalapoyo, ndipo ndi pamenepo pamene muyenera kukonzera.

Choncho musanasinthe chilichonse, dziwani zinthu zitatu. Pa laputopu yanu onani rezolushoni ndi Scale, zonse zili pa tsamba limodzi la Display. Pa kompyuta ya kutali dinani Start, lembani `winver`, ndipo kawindo kadzakuuzani mtundu wa Windows umene ulipo. Zitatuzi zimakuuzani njira yoti mutsate.

Nkhani ya laputopu yatsopano ndi seva yakale

Tiyerekeze kuti mayi wina wowerengera ndalama wagula laputopu ija ya mainchi 14, ya 2880 x 1800, ili pa 200%. Pulogalamu ya maakaunti ya ku ntchito kwawo ili pa seva ya Windows Server 2008 R2. Akalowa, chithunzi chimadzaza sikirini yonse, koma manambala a m'matebulo ndi ang'ono kuposa theka la mmene amaonekera ku ofesi. Seva yapereka 2880 x 1800 monga anapempha, koma pa 100%.

Popeza sevayo siimva za mlingo wa laputopu, njira imene ili m'manja mwa mayiwa ndi yopempha chithunzi cha timadontho tochepa kenako n'kuchikulitsa pa laputopu pomwepo. Amatsegula Remote Desktop Connection, asanadine Connect amadina Show Options, n'kupita pa Display. Pamenepo pali kachingwe kokoka pansi pa mawu akuti Display configuration. Kakakhala kumapeto kwa dzanja lamanja kamalemba Full Screen, ndipo kakakokeredwa kumanzere kamaonetsa manambala ocheperapo.

Nambala yoti asankhe amaipeza pogawa. Popeza akufuna kukulitsa kawiri, 2880 x 1800 ikagawidwa pawiri imapereka 1440 x 900. Koma kukulitsa kwa mtundu umenewu kumachitika m'windo, osati pa sikirini yodzaza, ndipo windo limafuna malo a mzere wa pamwamba, pomwe mzere wa Start nawonso umadya malo pansi. Akasankha 1440 x 900, chithunzi chokulitsidwa chidzasefukira ndipo adzayamba kuchikankhira uku ndi uku. Nambala yabwino ndi 1280 x 800, imene ikakulitsidwa kawiri imakhala 2560 x 1600, n'kukwana bwino mkati mwa 2880 x 1800. Ngati nambalayi palibe pa kachingwe kaja, angathe kudina mabatani a Windows ndi R pamodzi n'kulemba lamulo ili, kuika dzina lenileni la seva pamene palembedwa `seva`:

```
mstsc /v:seva /w:1280 /h:800
```

Akalowa, seva idzaoneka m'kawindo kakang'ono pakati pa sikirini. Tsopano adine ndi batani lamanja la mausi pa mzere wa pamwamba wa windolo. Pa Windows 10 ndi 11 mndandanda umene umatuluka uli ndi Zoom, ndipo asankhe 200%. Windo limakula, ndipo batani lija la timadontho 96 limafika mamilimita 20, msinkhu wofanana ndi zinthu zina zonse za pa laputopuyo.

Pali mtengo wake umene ayenera kuudziwa. Zilembo sizidzakhala zakuthwa ngati za mapulogalamu a pa laputopu pomwepo, chifukwa seva yajambula ndi timadontho tochepa ndipo laputopu yangotikulitsa. Komabe 200% ndi mlingo wabwino pa kukoka, chifukwa kadontho kamodzi ka seva kamagwera ndendende pa timadontho tinayi ta laputopu, tiwiri m'litali ndi tiwiri chotsika. Pa 150% kadontho kamodzi kamayenera kugawidwa pa kadontho kamodzi ndi theka, ndipo m'mphepete mwa zilembo mumachita mbuu kwambiri. Palinso phindu limene sanaliyembekezere. Chithunzi cha 2880 x 1800 chili ndi timadontho toposa 5 miliyoni, pomwe cha 1280 x 800 chili ndi tongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Pa netiweki yofooka kapena pa bandulo ya foni, chithunzi chaching'onocho chimayenda mopepukirapo.

Kuti asamabwereze kusankha nambalayo tsiku lililonse, angathe kusunga msinkhuwo. Pa General, pansi pa Show Options pomwe paja, pali Save As, imene imapanga fayilo yothera ndi `.rdp`. Fayiloyi ndi malemba chabe, ndipo akaitsegula ndi Notepad aonetsetse kuti mizere itatu iyi ili chonchi:

```
screen mode id:i:1
desktopwidth:i:1280
desktopheight:i:800
```

Mzere woyambawo ukakhala ndi 1 ndiye kuti chithunzi chitseguke m'windo, ukakhala ndi 2 ndiye kuti chidzaze sikirini. Ndi bwino kusintha mizere imene ilipo kale kusiyana ndi kuwonjezera ina yofanana nayo. Munthu amene amagwiritsa ntchito masikirini awiri osiyana angasunge mafayilo awiri, ina ya laputopu ndi ina ya sikirini ya pa desiki.

Zinthu zikakula mopitirira

Vuto la mbali inayi limabwera makamaka pamene makompyuta onse awiri ndi atsopano ndipo akumvana bwino. Tiyerekeze kuti mayi omwe aja ayesa njira ya 1280 x 800 polowa mu kompyuta ya Windows 11. Nthawi ino kompyuta ya kutaliyo imva zonse ziwiri, rezolushoni ndi mlingo wa 200%. Ijambula zinthu zowirikiza kawiri m'malo a timadontho 1280 x 800, kutanthauza kuti malo enieni ogwirira ntchito atsala ngati 640 x 400. Mawindo a mapulogalamu sakwana, mabatani apansi sakuoneka. Mankhwala amene anachiza seva yakale ndi omwewo amene ayambitsa vuto pa kompyuta yatsopano. Apa choyenera ndi kubweza kachingwe kaja pa Full Screen n'kusiya makompyutawo agwirizane okha.

Njira ina imene vutoli limabwerera ndi kusintha sikirini ntchito ili mkati. Munthu walowa ali pa laputopu ya 200%, kenako walumikiza sikirini ya mainchi 24 n'kukokera windo kumeneko. Kompyuta ya kutali ingathe kupitiriza kujambula pa 200%, ndipo batani la timadontho 192 pa sikirini ya timadontho 92 pa inchi limafika mamilimita oposa 50. Chochita ndi kutseka kulumikizanako, kupita pa Display ya laputopu, kusankha sikirini yaikuluyo n'kuchonga Make this my main display, kenako n'kutsegula Remote Desktop Connection pa sikirini yomweyo ndi kulowanso. Polowa kachiwiri makompyuta amauzananso msinkhu watsopano.

Nthawi zina munthu amalowanso, mzere wa Start n'kuoneka bwino, koma pulogalamu imodzi n'kukhalabe yaikulu kapena ya mbuu. Chifukwa chake n'chakuti kudina X pa windo la Remote Desktop sikutseka ntchito ya kutaliyo. Kumangodula kulumikizana, mapulogalamu onse n'kutsala akuyenda kudikira kuti mubwerere. Mapulogalamu ambiri akale amafunsa za mlingo kamodzi kokha, pamene akutsegulidwa, ndipo ena amatsatira mlingo umene unalipo pamene munalowa mu akaunti yanu. Yambani mwatseka pulogalamuyo n'kuitsegulanso. Zikakanika, sungani ntchito yanu yonse, kenako tulukani kwathunthu mu akaunti ya kutaliyo podina Start, dzina lanu, ndi Sign out. Mukalowanso zonse zimayambira pa mlingo watsopano. Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta kuchiona: ngati zina zili bwino ndipo zina zalakwika pa sikirini imodzimodziyo, vuto si la rezolushoni, ndi la mapulogalamu amene atsalira pa mlingo wakale.

Smart sizing ndi malire ake

Pa mndandanda womwe uja wa Zoom palinso Smart sizing, ndipo anthu ambiri amaitenga ngati yankho la zonse. Ntchito yake yeniyeni ndi kukwanitsa chithunzi m'windo. Popanda iyo, mukachepetsa windo mumangoona mbali ya chithunzi, zotsalazo muzizifuna pokankhira m'mbali ndi pansi. Mukaichonga, chithunzi chonse chimafinyidwa kuti chikwane. Mu fayilo ya `.rdp` imalembedwa chonchi:

```
smart sizing:i:1
```

Kompyuta ya kutali siidziwa n'komwe kuti zimenezi zachitika. Ikupitiriza kujambula pa msinkhu wake wakale, ndipo kufinyako kukuchitika kwa inu. N'chifukwa chake Smart sizing imathandiza munthu amene akungofuna kuyang'anira, monga woona ngati ntchito yaitali yatha pa seva uku akuchita zina. Kwa munthu wolemba manambala tsiku lonse si njira yabwino, pakuti chithunzi cha 1920 x 1080 chikafinyidwa m'windo la theka, zilembo zimataya timadontho ndipo 3 ndi 8 zimayamba kufanana. Cholakwika chotere m'buku la ndalama si chaching'ono.

Mapulogalamu atsopano olumikizira ali ndi njira yachitatu yoposa kufinya. Mukasintha kukula kwa windo, amauza kompyuta ya kutali kuti ijambulenso chithunzi pa rezolushoni yatsopanoyo, choncho zilembo zimakhalabe zakuthwa ndipo msinkhu wake susintha, chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa malo. Pa Mac, mu pulogalamu ya Microsoft imene kuyambira 2024 imatchedwa Windows App, mwayi umenewu walembedwa kuti Update the session resolution on resize, ndipo pafupi nawo pali Optimize for Retina displays wa masikirini a timadontho tothithikana. Pa Linux, FreeRDP imachita zomwezo ndi `/dynamic-resolution`, pomwe `/smart-sizing` ndi kufinya kuja. Njirayi imafuna kuti kompyuta ya kutali ikhale ya Windows 8.1 kapena Windows Server 2012 R2 kupita m'tsogolo, choncho seva ya mayi aja singaigwiritse ntchito.

Ngati mukugwiritsa ntchito AnyDesk kapena TeamViewer

Si mapulogalamu onse olowera kutali amene amagwira ntchito ngati Remote Desktop. AnyDesk, TeamViewer ndi ambiri a mtundu wa VNC nthawi zambiri amakuonetsani sikirini yeniyeni imene ili pa desiki ya kutaliyo, moti munthu amene ali kumeneko amaona mausi akuyenda okha. Sapanga sikirini yongoyerekeza ya msinkhu wanu. Zosankha zimene amakupatsani, monga Original, Shrink ndi Stretch pa AnyDesk, ndi njira zoonetsera chithunzi monga chilili, kuchifinya kapena kuchikoka.

Ubwino wake ndi wakuti apa Settings ya kompyuta ya kutali siyotsekedwa. Ngati zilembo zachepa, mungathe kukweza Scale kumeneko kapena kutsitsa rezolushoni, ndipo zidzasintha nthawi yomweyo. Kumbukirani kokha kuti mwasintha sikirini yeniyeni. Mwini wake akadzakhala pampando m'mawa adzapeza zinthu zasintha, choncho lembani penapake manambala amene munawapeza ndipo muwabwezeretse musanatuluke.

Kusankha njira

Mukakumana ndi vutoli, yambani ndi kuyang'ana mtundu wa cholakwikacho. Zilembo zazing'ono koma zakuthwa zikutanthauza kuti kompyuta ya kutali yalandira rezolushoni yanu koma osati mlingo wanu. Zilembo zazikulu ndi zakuthwa zikutanthauza kuti ikujambula pa mlingo wa sikirini ina, kapena mwaipatsa malo ochepa. Zilembo za mbuu zikutanthauza kuti penapake chithunzi chikukokedwa, kaya ndi Zoom, Smart sizing, kapena Windows imene ikukulitsa pulogalamu yakale.

Nthawi zonse yesani kaye njira yoti kompyuta ya kutali ijambule yokha pa msinkhu woyenera: sankhani Full Screen, lowani muli pa sikirini imene mugwirirepo ntchito, ndipo tulukani ndi Sign out ngati mapulogalamu ena atsalira. Kukoka chithunzi kubwere pokhapokha ya kutaliyo ili yakale moti singamve, ndipo mukatero sankhani 200% ngati sikirini yanu ikulola. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 ndi Windows Server 2008 R2 mu Januwale 2020. Ngati `winver` yakuonetsani imodzi mwa ziwirizi, uzani oyang'anira makompyuta a ku ntchito kwanu, chifukwa makina amene sakulandiranso zigamba za chitetezo, koma akulola anthu kulowamo ali kutali, ali ndi vuto lalikulu kuposa la timalemba tating'ono.